Lipoti la vuto la pulogalamu: bwanji katswiri amayamba ndi mafunso m'malo mokonza?

Aliyense amene anadandaulapo kuti pulogalamu ya pa kompyuta kapena pa foni yasokonekera amaudziwa mkwiyo wake. Mwalemba uthenga kuti "sisitimu sikugwira", mukudikira kuti wina athamange kudzakonza, koma chobwera ndi mafunso. Munadina chiyani? Mumayembekezera kuona chiyani? Nanga chinaoneka n'chiyani? Muli pa foni kapena pa kompyuta? Nthawi zina yankho limakhala lalifupi kuposa pamenepo: "Kunotu ikugwira bwinobwino." Wodandaula amaona ngati akuzembedwa, pomwe wolemba pulogalamu amaona ngati wapatsidwa ntchito yofufuza singano mu mchenga.

Mafunso anayiwo si mwambo chabe. Ndiwo mafupa a chikalata chimene akatswiri amachitcha lipoti la bagi, ndipo pa mafomu ambiri olembapo madandaulo otere mudzaona mitu yake italembedwa motere: `Steps to reproduce`, `Expected results`, `Actual results` ndi `Environment`. Onse anayi ali ndi cholinga chimodzi, choti vuto limene linachitika pamaso panu lichitikenso pamaso pa munthu amene angalikonze. Vuto limene katswiri sangathe kulichititsa yekha sangalipeze pamene lakhala, ndipo ngakhale atasintha kanthu sangatsimikize kuti walithetsa.

Kuti tisamangoyankhula m'malere, tiyerekeze chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Mlembi wa pasukulu ina akulowetsa mayina a ophunzira atsopano mu pulogalamu imene imatsegulidwa pa intaneti. Mayina ambiri akulowa, koma ena akukana. Sukuluyo ndi pulogalamuyo n'zongoyerekeza, koma mtundu wa vutolo ndi weniweni.

## Bagi ndi lipoti lake

Bagi ndi cholakwika cha mkati mwa pulogalamu chimene chimaichititsa zosiyana ndi zimene inapangidwira. Mawuwa m'Chingerezi amatanthauza kachilombo, ndipo ndi akale kuposa makompyuta. Thomas Edison anawagwiritsa ntchito m'kalata ya m'chaka cha 1878 ponena za timavuto ta m'makina ake. Nkhani yotchuka kwambiri ndi ya pa 9 Seputembala 1947, pamene ogwira ntchito pa kompyuta ya Mark II ku yunivesite ya Harvard anapeza kadziwotche atapanikizika m'kachipangizo kolumikiza ndi kudula magetsi. Anamumata m'buku lolembamo zochitika za tsiku ndi tsiku, n'kulemba nthawi ndi malo enieni amene anamupeza, pa kachipangizo nambala 70 mu gawo F. Bukulo likusungidwa ku nyumba yosungira zakale ya Smithsonian ku Washington. Chondikopa ine pa nkhaniyi si kadziwotcheyo ayi, koma kuti anthu aja analemba nthawi, malo ndi umboni, zomwe ndi zimene lipoti labwino limafuna mpaka lero.

Mapulogalamu atakula n'kuyamba kulembedwa ndi anthu ambiri okhala m'mayiko osiyana, buku la pa tebulo linachepa. Mu 1998 Terry Weissman analembera gulu la Mozilla pulogalamu yosungira malipoti yotchedwa Bugzilla, ndipo pambuyo pake kunabwera zina monga Jira ndi GitHub Issues. M'zonsezi lipoti lililonse limapatsidwa nambala yake, limaonetsa amene akuligwira, ndipo limatsekedwa ndi chigamulo. Zili ngati kabuku ka kuchipatala: amene wakuonani lero sangakhale yemweyo mawa, choncho zolembedwazo ziyenera kumveka popanda inu kukhalapo kuti mufotokoze.

## Njira yobwerezera vuto

Ili ndiye gawo lolemera kwambiri, ndipo ndi limene anthu amalilumpha. Ndi mndandanda wa zimene munachita, chimodzichimodzi, kuchokera pamalo odziwika mpaka pamene zinthu zinasokonekera.

Ganizirani za mwini galimoto amene wapita kugalaja n'kunena kuti galimoto ikumveka phokoso. Makaniko wailiza, ili zii. Akhoza kutha tsiku lonse akumasula zinthu zabwinobwino. Koma mwiniwake akanena kuti phokosolo limamveka m'mawa injini isanatenthe, pokhotera kumanzere, galimoto ili mu giya yachiwiri, makaniko akwera, achita zomwezo, alimva yekha, ndipo khutu lake limuuza koyang'ana. Njira yobwerezera vuto ndi imeneyo.

Uthenga woyamba wa mlembi wathu unali wakuti "mayina ena sakulowa". Ndi zoona, koma katswiri akatsegula pulogalamu n'kulemba dzina limene lamubwerera m'mutu, lilowa, ndipo nkhani ithera pomwepo. Chofunika ndi kupeza chimene chikusiyanitsa mayina okana ndi olowa, ndipo ntchito imeneyi mlembiyo angaigwire bwino kuposa wina aliyense chifukwa vutolo lili m'manja mwake. Njira yake ndi kusintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi. Atenga wophunzira amene wakanidwa, asiya zonse momwe zilili, asintha kalasi yokha: akanidwabe. Abwezera kalasi, asintha tsiku lobadwa: akanidwabe. Abwezera tsiku, asintha dzina n'kulemba Banda: walowa. Apa wadziwa kuti nkhani ili pa dzina. Ayang'ananso mayina onse amene anakana ndipo aona kuti onse ali ndi nkhodolero, kachizindikiro ka m'mwamba kamene timalemba m'mawu ngati ng'ombe ndi m'mudzi. Ayesa komaliza: `Ngoma` walowa, `Ng'oma` wakana.

Kuyesa kumeneku kungatenge mphindi khumi, ndipo kumafuna kudekha kuja kumene akuluakulu amati nako umaona maso a nkhono. Phindu lake n'lakuti masitepe amene akanakhala makumi awiri atsala anayi kapena asanu, ndipo lililonse ndi lofunika. Akatswiri amakonda chitsanzo chaching'ono chotere chifukwa chilichonse chimene chachotsedwa ndi malo amodzi amene safunikanso kufufuzamo.

Pali zinthu zitatu zimene zimawononga gawoli. Choyamba ndi kuyambira pakati, osanena kuti munalowa ngati ndani. Mlembi ndi mphunzitsi wamkulu angaone masikilini osiyana mu pulogalamu imodzi. Chachiwiri ndi mawu osaloza, monga "ndinalowetsa zonse n'kutumiza", m'malo motchula batani ndi dzina limene lalembedwapo ndi mawu enieni amene munalemba. Chachitatu ndi kusanena kuti vutolo limachitika kangati. Ngati mwayesa kakhumi ndipo lachitika katatu, lembani choncho. Vuto lochitika nthawi zonse ndi lochitika mwa apo ndi apo amalisaka mosiyana, chifukwa lachiwirili kawirikawiri limakhudzana ndi netiweki, nthawi, kapena zinthu ziwiri zochitika pamodzi.

## Choyembekezeredwa ndi chimene chinachitika

Ziwirizi zimayendera limodzi, chifukwa bagi ndi mpata umene uli pakati pake. Chimene chinachitika ndi zimene maso anu anaona, popanda kuwonjezerapo maganizo. Mlembi wathu asalembe kuti "seva yafa" kapena "nkhokwe ya mayina yadzaza", popeza zimenezo sanazione. Chimene anaona ndi tsamba loyera lokhala ndi mawu akuti `500 Internal Server Error`, ndipo atabwerera pa mndandanda wa ophunzira dzinalo panalibe. Mawu a pa sikilini alembedwe ndendende, chifukwa katswiri amawafufuza m'zolemba za pulogalamu, ndipo nambala ngati 500 imamuuza kale kuti pempho linafika pa seva, kompyuta yakutali imene pulogalamuyo imakhalapo, koma seva inalephera kulikwaniritsa. Nthawi nayonso ilembedwe, kuti akatsegula kaundula amene seva imalembamo zochitika adziwe mzere woyang'ana. Chithunzi cha sikilini chimathandiza, koma sichilowa m'malo mwa mawu, chifukwa mawu a m'chithunzi ndi ovuta kuwakopera ndi kuwafufuza.

Zoganiza zanu sizoletsedwa. Zingoikidwa padera, pansi, zitalembedwa kuti ndi maganizo. Wodwala amauza dokotala pamene pakupweteka ndi tsiku limene panayamba. Akalowa ndi mawu oti "ndili ndi malungo" basi, angasokoneze kufufuzako ngakhale atakhala kuti walondola.

Choyembekezeredwa chimaoneka ngati n'chodziwikiratu, ndipo anthu ena amangolemba kuti "igwire bwino". Koma taganizani za telala amene mwamubwezera diresi n'kunena kuti yalakwika. Ayenera kudziwa ngati mumafuna ifike m'maondo kapena m'mapazi, ndipo mwina apeza kuti iye anasoka monga mwa muyeso umene analemba m'kope lake. Pa mapulogalamu zimachitikanso. Mlembi akalemba kuti amayembekezera kuti dzina lisungidwe ndi nkhodolero yake, katswiri adziwa kuti kungochotsa kachizindikiroko mwakachetechete si yankho, chifukwa Ng'oma ndi Ngoma ndi mayina awiri osiyana, ndipo satifiketi ikatuluka ndi dzina lolakwika mavuto ake ndi a mwanayo.

Nthawi zina mbali ziwirizo zimagwirizana kuti chinthu n'cholakwika, komabe sichikonzedwa. Chitsanzo chodziwika ndi cha Microsoft Excel, imene imavomereza 29 Febuluwale 1900 ngati tsiku lenileni. Tsikuli silinakhaleko: chaka chogawika ndi 100 chimakhala ndi tsiku lowonjezera pokhapokha chikagawikanso ndi 400, n'chifukwa chake 2000 inali nalo koma 1900 inalibe. Excel inatengera zimenezi ku pulogalamu yakale ya Lotus 1-2-3 kuti mafayilo a ziwirizi azigwirizana, ndipo kampani ya Microsoft inafotokoza kuti kukonza tsopano kungasunthe ndi tsiku limodzi madeti a m'mafayilo ambirimbiri amene anthu ali nawo kale. Mu Bugzilla muli zigamulo za nkhani zotere: `WONTFIX` pa vuto limene eni ake asankha kusalikonza, `INVALID` pa chimene aona kuti si vuto, `DUPLICATE` pa chimene wina ananena kale, ndi `WORKSFORME` pa chimene alephera kuchichititsa.

## Malo amene vuto lachitikira

Chigamulo chomalizachi ndicho chimatifikitsa pa gawo lachinayi. Pulogalamu siyenda yokha. Imakhala pamwamba pa zinthu zina: foni kapena kompyuta, pulogalamu yaikulu yoyendetsa chipangizocho monga Android kapena Windows, bulawuza yotsegulira masamba monga Chrome kapena Safari, chilankhulo ndi nthawi zimene chipangizo chatcheredwa, ngakhale kiyibodi. Chilichonse mwa izi chili ndi nambala ya mtundu wake, ndipo nambalayo imasintha. Mbewu imodzi ya chimanga siibereka mofanana ku Dedza ndi ku Chikwawa, ndipo mlangizi wanzeru amafunsa za dothi ndi mvula asanaimbe mlandu mbewu.

Tibwerere kusukulu kuja. Tinene kuti katswiri walandira masitepe onse, watenga iPhone yake, walemba dzina lija, ndipo lalowa popanda vuto. Mlembi sananame, katswirinso sakunama. Chimene chachitika n'chakuti nkhodolero zilipo ziwiri pa kompyuta. Ina ndi yowongoka, imene nambala yake ndi `U+0027`, ina ndi yopindika, `U+2019`. Pa sikilini yaing'ono zimaoneka zofanana, koma kwa pulogalamu ndi zilembo ziwiri zosiyana kotheratu. Kuyambira pa iOS 11 ya mu 2017, iPhone ili ndi chotchera chotchedwa `Smart Punctuation` chimene chimasandutsa yowongoka kukhala yopindika munthu akamalemba. Foni ya mlembi ikutumiza yowongoka, ndipo yowongokayo ndiyo ili ndi ntchito yapadera m'chilankhulo cha SQL chimene mapulogalamu ambiri amayankhulira ndi nkhokwe zawo: imatsegula ndi kutseka mawu. Pulogalamu yolembedwa mosasamala imangomata dzina pakati pa lamulo, n'kutuluka ichi:

```sql
INSERT INTO ophunzira (dzina) VALUES ('Ng'oma');
```

Nkhokwe ikuwerenga kuti dzina ndi `Ng`, latsekedwa, kenako pakubwera `oma` amene sikumudziwa, ndiye ikukana lamulo lonse. Mzere umodzi wa mu lipoti wonena mtundu wa foni ndiwo ukanapulumutsa masiku okangana.

Kuti muone kutalika kwa mawu oti malo, nayi nkhani yeniyeni. M'zaka za 2008 ndi 2009 anthu ena ogwiritsa ntchito Ubuntu, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, ankadandaula kuti OpenOffice, pulogalamu yolembera zikalata, imakana kusindikiza pa mapulinta ena a Brother, kenako n'kuyambanso yokha. Ena ankaganiza kuti akonza posintha zina, koma patapita masiku vuto linkabwerera. Mmodzi mwa odandaulawo analemba kuti mkazi wake waona kuti pulinta imakana Lachiwiri lokha. Zinamveka zosatheka, koma zinali zoona. OpenOffice inkalemba tsiku m'fayilo yopita ku pulinta, ndipo m'Chingerezi Lachiwiri limafupikitsidwa kuti `Tue`. Kapulogalamu kotchedwa `file`, kamene kamazindikira mtundu wa fayilo, kanali ndi cholakwika chimene chinkakachititsa kuti kakaona zilembo zitatuzo pamalo ena ake kaziganiza kuti fayiloyo ndi ya chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Erlang, osati yosindikiza. Vuto silinali mu OpenOffice n'komwe. Tsiku la sabata linali mbali ya malo, ndipo amene analizindikira anali munthu woonetsetsa.

Kupeza manambalawa sikovuta. Pa Android ali mu `Settings` pansi pa `About phone`, ndipo pa Chrome mungalembe `chrome://version` pamene mumalemba adiresi. Musalembe kuti "yatsopano", chifukwa lipoti likamawerengedwa patapita miyezi itatu, yatsopano idzakhala ina.

## Lipoti lonse likakhala pamodzi

Mlembi wathu akasonkhanitsa zonse, chikalata chake chingaoneke chonchi.

> Mutu: Kusunga wophunzira kukulephera dzina likakhala ndi nkhodolero
>
> Masitepe:
> 1. Lowani ngati mlembi.
> 2. Tsegulani fomu ya wophunzira watsopano.
> 3. Pa dzina lembani `Ng'oma`, sankhani Fomu 1, ikani tsiku lobadwa lililonse.
> 4. Dinani batani losungira.
>
> Choyembekezeredwa: Dzina lisungidwe ndi nkhodolero yake, lioneke pa mndandanda wa Fomu 1.
>
> Chimene chikuchitika: Pakubwera tsamba loyera lolembedwa `500 Internal Server Error`, ndipo dzina silikuoneka pa mndandanda. Ndayesa kasanu, lakana kasanu konse, komaliza lero 10:40 m'mawa.
>
> Malo: Foni ya Android 13, Chrome 120, kiyibodi ya Gboard.
>
> Zina: `Ngoma` akusungika. Pa iPhone ya mnzanga `Ng'oma` akusungikanso. Ophunzira asanu ndi awiri sanalembetsedwe chifukwa cha vutoli.

Mutuwo ukunena vuto ndi pamene limachitikira, kotero wina akadzakumana nalo adzaupeza pofufuza. Dzina logwiritsidwa ntchito ndi loyesera, osati la mwana weniweni ndi tsiku lake lobadwa, popeza malipoti amawerengedwa ndi anthu ambiri. Mawu achinsinsi olowera asalembedwemo konse. Mzere womaliza ukuuza katswiri kukula kwa chiwonongeko popanda kukuwa.

Kukonza kwake n'kodziwika: dzina lisamatidwe mu lamulo, litumizidwe padera kuti nkhokwe ilitenge ngati mawu wamba. M'chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Python zingaoneke motere:

```python
cur.execute("INSERT INTO ophunzira (dzina) VALUES (?)", (dzina,))
```

Akatero, masitepe anayi aja amagwiranso ntchito kachiwiri. Katswiri amawatsatira kuti aone ngati vuto latha, ndipo kawirikawiri amawasandutsa mayeso amene kompyuta imadziyendetsera yokha nthawi iliyonse pulogalamu ikasinthidwa. Mwina mlembi adzaonanso kuti mayina amene analowa ndi nkhodolero yopindika sakupezeka akawafufuza ndi yowongoka. Limenelo ndi vuto lina, lofuna lipoti lakelake, chifukwa mavuto awiri akakhala m'chikalata chimodzi, limodzi likakonzedwa chikalatacho chimatsekedwa ndipo linalo limaiwalika.

## Zimene akatswiri sanagwirizanebe

Funso loyamba ndi lakuti ntchito yofufuzayi ndi ya ndani. Ena amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: amene vuto lamugwera ndiye ali ndi foni, mayina ndi nthawi yake, ndipo pa mapulogalamu aulere olembedwa ndi anthu ongodzipereka si chilungamo kuwasenzetsa ntchito yolosera. Ena amayankha kuti mafomu aatali a m'Chingerezi amathamangitsa anthu wamba, ndipo mavuto amene amagwera iwo okha, monga a mayina a zilankhulo zathu okhala ndi nkhodolero kapena chilembo cha ŵ, safika n'komwe kwa okonza. Kodi munthu wolipira pulogalamu ayenera kufunsidwa zofanana ndi amene akuigwiritsa ntchito ulere?

Funso lachiwiri ndi la malipoti amene vuto lake lakana kubwerezeka. Magulu ena amawatseka pakapita nthawi popanda yankho kuti mndandanda usatalike mopanda malire. Ena amati kutseka si kukonza, ndipo nkhani ya Lachiwiri ija ikusonyeza kuti vuto looneka ngati losatheka lingakhale lenileni.

Lachitatu ndi la mapulogalamu amene amadzitumizira okha malipoti akagwa. Amanena mtundu wa chipangizo ndi mzere umene pulogalamu inagwera molondola kuposa munthu, koma sadziwa chimene munthuyo amafuna kuchita, ndipo angatenge zinthu zimene mwini foni sakanafuna kuti zituluke. Malire a zoyenera kutengedwa popanda kufunsa akukambidwabe, m'makampani ndi m'malamulo oteteza zinsinsi za anthu.

Lomaliza likukhudza chitsanzo chathu chomwechi. Khomo limene nkhodolero ya Ng'oma yagwetsera pulogalamu ndi lomwelo limene munthu woipa angalowetsere malamulo ake mu nkhokwe n'kuwerenga kapena kufufuta mayina onse. Masitepe omveka bwino, amene ndi chuma kwa wokonza, angakhalenso malangizo kwa wakuba. N'chifukwa chake magulu ambiri ali ndi njira yachinsinsi yolandirira malipoti okhudza chitetezo, ndipo gulu la Project Zero la Google limapatsa eni pulogalamu masiku 90 asanaulule vuto poyera. Ena amati masikuwo ndi ochepa kwa kampani yaing'ono, ena amati ndi ochuluka kwa anthu amene akugwiritsa ntchito pulogalamu yoboola osadziwa. Nanga mlembi wa pasukulu, amene wangoona dzina likukana, angadziwe bwanji kuti lipoti lake ndi la mtundu umenewu asanalilembe pamalo owerenga aliyense?